MBIRI YA MITA YOLIPIRATU NDI KASUNGIDWE KA MAYUNITI

 Nkhani yathu ya lero ndi ya kabokosi kamene kali pa cipupa m'nyumba zambiri, kaja kamalira usiku mayuniti akatsala pang'ono kutha. Anthu ambiri sakakhulupirira kabokosi kameneka. Amati pa ciyambi ca mwezi K100 imagula magetsi okhalitsa, koma pakati pa mwezi K100 yomweyo imasungunuka ngati mcere m'madzi, ndipo cifukwa ca ici amanena kuti mita ndi mbala. Kodi nzoona? Kuti tiyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo, tione kumene mita imeneyi inacokera ndi cifukwa cace anaipanga, pakuti munthu akadziwa m'mene mita iwerengera, adziwanso pamene ndalama yace ithawira.

MASIKU A NGONGOLE

Magetsi, amene ambiri m'tauni amati malaiti, anafalikira m'dziko muno motsata migodi. M'caka ca 1925 linatsegulidwa dziwe la Mulungushi, kuti madzi ace azipereka mphamvu ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ticha Kabwe. Mu 1938 anayamba kupanga magetsi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya pafupi ndi Livingstone, ndipo mu 1960 linatsegulidwa dziwe lalikulu la Kariba, limene nthambo zace zinafika mpaka ku Kitwe. Dziko litalandira ufulu, boma linakhazikitsa ZESCO mu 1970, kuti nchito ya magetsi ikhale pa dzanja limodzi.

M'zaka zonsezo munthu anali kuyamba wagwiritsa nchito magetsi, ndi kulipira pambuyo. Mita ya masiku amenewo inali ndi kambale kozungulira m'kati mwa galasi. Mukayatsa babu limodzi kambaleko kanali kuyenda mwaulesi, mukayatsa sitovu kanali kuthamanga, ndipo kuzungulira kwace kunali kusuntha manambala. Kamodzi pa mwezi kalaliki wa kampani anali kufika ndi buku lace, nalemba nambala imene waipeza, ndipo patapita masiku inali kubwera kalata ya ngongole.

Njira imeneyi inali ndi mabvuto ace. Kalaliki akapeza pakhomo potseka kapena galu waukali, ku ofesi anali kungoyerekeza, ndipo zoyerekeza zinali kubala milandu. Banja silinali kudziwa kuti ladya zingati kufikira kalata itafika, pamene madzi atayika kale ndipo saolekanso. Ngongole ikaunjikana anali kubwera kudzadula nthambo, ndipo kuti alumikizenso panali ndalama yina. Kampani nayo inali kulira, cifukwa inali kupereka mphamvu lero ndi kuyembekeza malipiro amene ena sanali kufika konse.

Inu a ku Migodi nkhani yanu inali yosiyana pang'ono. M'makomboni a mgodi nyumba, madzi ndi magetsi zinali m'manja mwa kampani, ndipo wanchito sanali kuona mtengo weni-weni wa mphamvu imene anali kugwiritsa nchito. Babu linali kuyaka usana wonse, sitovu inali kuotha banja m'mwezi wa Juni, ndipo panalibe wofunsa. Koma migodi ya ZCCM itagulitsidwa, nchito imene inatha m'caka ca 2000, ndi nyumba zitagulitsidwa kwa okhalamo, mtolo wa magetsi unagwera mwini nyumba. Zizolowezi zinatsala za kale, koma wolipira anasintha.

KUCOKERA KU KOBIRI KUFIKA KU MANAMBALA

Nzeru yoti munthu alipiretu si ya dzulo ai. Ku Mangalande, m'zaka zotsiriza za m'ma 1800, makampani ogulitsa gasi wounikira ndi wophikira anafuna kugulitsa kwa anthu olandira malipiro a pa sabata, amene sakanatha kulipira ngongole yaikulu nthawi imodzi. Tsono anapanga mita yokhala ndi kaboo. Munthu anali kuponyamo kobiri, ndipo gasi anali kutuluka wolingana ndi kobiriyo. Akatha, mita inali kutseka yokha. Pambuyo pace anacita cimodzi-modzi ndi magetsi, ndipo nyumba zambiri zinali kusunga masheleni pambali cifukwa ca mita. Bvuto linali lakuti ndalama inali kugona m'kabokosi m'nyumba. Akuba anali kuthyola, ena anali kuponyamo tizitsulo tobulungira m'malo mwa ndalama, ndipo kampani inali kufunabe munthu woyenda khomo ndi khomo kukatenga makobiriwo.

Mita imene tiri nayo lero inakulira ku South Africa. Kuyambira mu 1988 kampani ya magetsi ya kumeneko, Eskom, inayamba nchito yofikitsa magetsi m'makomboni ndi m'midzi ya anthu akuda, kumene nyumba zambiri zinalibe keyala ya positi yolandirira kalata ya ngongole. Anaona kuti ndi bwino munthu azigula magetsi ku sitolo monga agulira palafini, ndalama izitsala ku sitolo, ndipo ku nyumba azipita ndi umboni cabe wakuti walipira. Mamita ena oyamba anali kulandira kakhadi kapepala, ena anali ndi mabatani a manambala.

Koma panabuka cobvuta cina. Kampani iriyonse yopanga mamita inali ndi njira yace-yace yolembera umboniwo, cotero makina ogulitsira a kampani imodzi sanali kumvana ndi mita ya kampani yina. Mu 1993 Eskom pamodzi ndi opanga mamita anapangana njira imodzi, imene icedwa mwacidule kuti STS, ndipo mu 2007 njirayo inalandiridwa kukhala muyeso wa maiko onse. Ndiyo inabala tokeni ya manambala 20 imene mumalandira pa risiti kapena pa foni. ZESCO inayamba kuika mamita otere m'zaka za m'ma 2000, ndipo pang'ono-pang'ono anafalikira m'matauni onse, kalaliki wa buku uja nazimiririka.

ZIMENE ZIRI M'MANAMBALA 20

Ambiri amaganiza kuti munthu akagula, a ku ofesi amatumiza magetsi ku nyumba yace kupyolera m'nthambo. Si m'mene ziriri. Magetsi amakhala atafika kale pakhomo panu nthawi zonse. Mita ndi mlonda wa pacipata, ndipo tokeni ndi kalata youza mlondayo kuti atsegule kufikira muyeso wakuti. Mita wamba ya mabatani sifunsa ku ofesi ngati tokeni iri yoona. Imamasulira yokha.

M'manambala 20 amenewo mwabisika zinthu zingapo. Muli ciwerengero ca mayuniti amene mwagula, muli mphindi imene tokeniyo inapangidwa, ndiponso muli kaciwerengero kotsimikizira kuti palibe nambala imene yalakwika. Zonsezi amazisokoneza ndi kiyi wacinsinsi amene ali wa mita yanu yokha, wocokera ku nambala ya mitayo. Ndico cifukwa cace tokeni yogulidwa pa nambala ya mita ya mnansi wanu singalowe mu mita yanu, ngakhale muilembe kakhumi. Musanapereke ndalama, werengani nambala ya mita kawiri, ndi kuona dzina limene latuluka, pakuti kukonza colakwa cotere kufuna ulendo wa ku ofesi.

Mphindi ija ya m'tokeni ndiyo iletsa munthu kulowetsa tokeni imodzi kawiri. Mita imakumbukira matokeni 50 otsiriza amene inalandira. Mukabwereza yomwe munalowetsa kale, imakana, ndipo mamita ambiri amaonetsa mau akuti `USED`. Mukalowetsa yakale kwambiri, yoposa onse amene mita ikumbukira, imaonetsa `OLD`. Mukalakwitsa nambala imodzi yokha, kaciwerengero kotsimikizira kaja sikagwirizana, ndipo mita imakana tokeni yonse. Apo palibe cimene catayika, ingoyambaninso modekha.

Mphindi zimenezi zinabweretsa nkhani yaikulu m'caka ca 2024. Amene anapangana njira ya STS anayamba kuwerenga mphindi kucokera pa 1 Januwale 1993, ndipo malo amene anasiya m'tokeni anali okwana mphindi 16,777,216 zokha. Mukagawa mphindi zimenezi mupeza zaka pafupi-fupi 32, ndipo tsiku lomaliza linagwa pa 24 Novembala 2024. Mita yosakonzedwa ikadayesa tokeni iriyonse yatsopano kuti ndi yakale, ndi kuikana. Cifukwa cace ZESCO ndi makampani a m'maiko ambiri anapatsa anthu matokeni awiri apadera osinthira kiyi, amene anauza mita kuti iyambe kuwerenga kucokera mu 2014. Matokeni amenewo sanaonjeze kapena kucotsa yuniti ngakhale imodzi, ndipo sanasinthe liwiro la mita, ngakhale kuti mphekesera zinanena zambiri.

KODI YUNITI NCIANI?

Tsopano tifike pa cinthu cimene mita imawerenga. Ciwiya ciriconse ca magetsi ciri ndi njala yace, ndipo njalayo imayesedwa m'mawati. Mukatembenuza ketulo kapena simbi mudzapeza kacikwangwani kolembedwa, mwina `2000W`, mwina `1200W`. Yuniti imodzi, imene pa risiti amalemba `kWh`, ndiyo mphamvu imene ciwiya ca mawati 1,000 cimadya pa ora limodzi. Lamulo lace ndi lalifupi: culukitsani mawati ndi maora, ndi kugawa ndi 1,000. Babu la mawati 100 limatha yuniti imodzi pa maora 10. Hita ya mawati 2,000 imatha yuniti yomweyo pa theka la ora. Foni ya m'manja mungaidzaze moto koposa ka 50 yuniti imodzi isanathe.

Apa pali phunziro lalikulu la nkhani yonse. Ziwiya zounika, zoimba ndi zoonetsa zithunzi zimadya pang'ono, koma ziwiya zotentha zimadya kwambiri. Bambo amene akalipira mwana cifukwa ca wailesi, pamene mphika wa nyemba ulikubwata pa sitovu kuyambira m'mawa, alikuthamangitsa mbewa njobvu iri m'munda.

Mita iri ndi mboni imene mungaifunse nokha. Pa nkhope yace pali kanyali kofiira kophethira, ndipo pafupi pace palembedwa nambala, kawiri-kawiri `1000 imp/kWh`, ngakhale mamita ena ali ndi nambala yina. Tanthauzo lace ndi lakuti kanyaliko kakaphethira ka 1,000, yuniti imodzi yapita. Pa mita yotere, babu la mawati 100 likayaka lokha kanyali kamaphethira kamodzi pa masekondi 36, koma mukayatsa ketulo ya mawati 2,000 kamaphethira koposa ka 30 pa mphindi imodzi. Yatsani ziwiya cimodzi-cimodzi muli ciyang'anire kanyaliko, ndipo mudzadziwa mlendo wadyera m'nyumba mwanu.

Ngati mukayikira mita, yesani cotere. Zimitsani zonse, zulani mapulagi onse, osaiwala firiji ndi giza, ndipo dikirani mphindi zingapo. Kanyali kakaleka kuphethira, mita iribe mlandu. Kakapitirira, ndiye kuti mphamvu irikuturuka pena pace: mwina nthambo yasupuka ndipo irikutayira m'nthaka kapena m'malata, mwina pali nthambo yopita ku nyumba yina imene simuidziwa. Pamenepo itanani mmisiri wodziwa nchito yace; musatsegule mita nokha.

CIFUKWA CACE K100 SIKHALA YOFANANA

Tibwerere ku dandaulo lija tinayamba nalo. Mitengo ya magetsi imabvomerezedwa ndi bungwe la boma loyang'anira za mphamvu, la ERB, limene linayamba nchito mu 1997, ndipo mtengo wa magetsi a m'nyumba unaikidwa ngati makwerero. Mayuniti oyamba a mwezi ali ochipa, kuti wosauka asagone mumdima. Otsatira ali okwera. Ndipo a pamwamba ali odula kwambiri. Titenge mitengo imene inayamba mu Januwale 2020 kuti tione m'mene makwererowo ayendera. Pamodzi ndi misonkho, mayuniti 100 oyamba anali pafupi-fupi 56 ngwee imodzi, kuyambira 101 kufika 300 anali K1.01, ndipo opitirira 300 anali K2.31.

Taonani tsono. Munthu wogula ndi K100 pa tsiku loyamba la mwezi anali kulipira K56 pa mayuniti 100 oyamba, ndipo K44 yotsala inali kumpatsa ena 43; onse pamodzi 143. Akabweranso ndi K100 m'mwezi womwewo, anali atakwera pa khwerero laciwiri, ndipo anali kulandira 99. Akapitirira mayuniti 300, K100 yace inali kumpatsa 43 okha. Ndalama imodzi-modzi, mita imodzi-modzi, koma mayuniti 143, kenaka 99, kenaka 43. Mita sinali kuthamanga ai. Munthuyo anali kupita ku nyumba ndi thumba lopepuka. Kuyambira caka cimeneco mitengo ndi malire a makwerero zasinthidwa kangapo, cotero yang'anani pa risiti yanu kuti mudziwe za tsopano, koma kamangidwe kace ndi komweko.

Pali zinthu ziwiri zimene tiphunzirapo. Coyamba, makina ogulitsira amawerenga mayuniti amene mwagula m'mwezi wa pa kalendala, ndipo mwezi watsopano ukayamba mumatsikanso pa khwerero la pansi. Kugula pang'ono-pang'ono kapena nthawi imodzi sikusintha mtengo; cimene cisintha ndi kuculuka kwa zonse za mwezi umenewo. Cotero ngati mayuniti atha kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, gulani ongokwanira masiku awiriwo. Caciwiri, mayuniti olowa mu mita saola. Banja limene limadya 250 m'miyezi yotentha ndi 350 mu Juni ndi Julayi, pa mitengo ija ya 2020 likadapindula pogula oonjezera pang'ono m'miyezi yotentha, osapitirira 300 pa mwezi, ndi kusunga otsala monga cimanga m'nkhokwe.

Dziwaninso kuti mabanja atatu akakhala pa mita imodzi, monga zicitikira pa nyumba za lendi, makina amawayesa banja limodzi lodya kwambiri, ndipo amafika msanga pa khwerero lodula. Ndiponso ngati nyumba inali ndi ngongole ya masiku a mita yakale, kampani imadula gawo la ndalama pa kugula kuli konse kufikira ngongoleyo itatha. Zonsezi zimalembedwa pa risiti, ndipo ndi bwino kuiwerenga musanaitaye.

NYUMBA IMODZI, MIYEZI IWIRI

Tiyerekeze nyumba ya anthu 5 m'komboni ya ku Migodi, ndipo tiwerenge mwezi wa masiku 30. Muli mababu akale 5 a mawati 100, oyaka maora 6 pa tsiku: amenewo adya mayuniti 3 pa tsiku, 90 pa mwezi. Puleti ya sitovu ya mawati 1,500 imayaka mwamphamvu maora 3 pa tsiku: 135 pa mwezi. Muli giza ya malita 150, ndipo kutenthetsa madzi onsewo kucokera pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayuniti 7. Akathera madziwo tsiku ndi tsiku, ndi 210 pa mwezi, osawerengera kutentha kumene kumathawa m'thanki usana ndi usiku. Firiji tiiyese 45, ndipo simbi, wailesi, wailesi ya kanema ndi mafoni tiziyese 30. Zonse pamodzi ndi mayuniti 510. Pa mitengo ya 2020 banjali likadalipira K56, kuonjeza K202, kuonjezanso K485 ya mayuniti 210 a pa khwerero lodula: pamodzi K743.

Mwezi waciwiri banjali lisintha zinthu zitatu zokha. Coyamba ndi mababu. Babu lakale lija limasandutsa mphamvu yace yambiri kukhala kutentha, ndico cifukwa cace limaocha dzanja. Babu latsopano la mtundu wa `LED` la mawati 10 limaunika mokwanira cipinda, ndipo mababu 5 otere pa maora omwewo adya mayuniti 9 m'malo mwa 90.

Caciwiri ndi madzi osamba. Munthu mmodzi amasamba bwino ndi ndowa ya malita 20. Mukawiritsa malita 5 m'ketulo, zimene zimadya ngati theka la yuniti, ndi kuwasakaniza ndi malita 15 ozizira, mupeza madzi ofunda a madigiri 40. Ndowa 5 pa tsiku ndi mayuniti awiri ndi theka, 75 pa mwezi m'malo mwa 210. Giza payokha siiri yoipa. Colakwa cace ncakuti imatenthetsa madzi oculuka kuposa ofunika, ndi kuwasunga otentha pamene onse ali ku nchito ndi ku sukulu. Amene afuna kuigwiritsabe nchito aiyatse maora awiri asanasambe ndi kuizimitsa pambuyo pace.

Cacitatu ndi mphika. Nyemba zouma zimafuna maora atatu kapena kuposa pa moto. Zibviikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa muziwiritse kwambiri kwa theka la ora, ndipo mphika uli cibvundikire muukulunge m'bulangeti lakale ndi kuuika m'dengu. Kutentha kotsalira m'kati kudzapitiriza kuphika kwa maora atatu kapena anai popanda yuniti imodzi. Musadumphe kuwiritsa koyambako, pakuti nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba. Mphika ukhale wosalala kunsi ndi wolingana ndi puleti, cibvundikiro cikhale pamwamba, ndipo madzi akawira tsitsani moto, cifukwa madzi owira saonjeza kutentha ngakhale muwasonkhezere motani. Puleti yacitsulo imakhalabe yotentha mutaizimitsa, cotero nsima ingathe kutsirizika pa moto wotsalawo. Mwa njira zimenezi maora 3 asanduka 2, ndipo sitovu idya 90.

Tiwerengenso: 9, 75, 90, firiji 45 ndi zina 30, pamodzi mayuniti 249. Mtengo wace ukadakhala K56 kuonjeza K150, ndiyo K206. Onani bwino apa. Mayuniti atsika ndi theka, koma ndalama yatsika kucokera pa K743 kufika pa K206, kosakwana ngakhale gawo limodzi la magawo atatu. Cifukwa cace ncakuti mayuniti amene mupulumutsa ndiwo a pamwamba, odula kuposa onse. Banjali ladya, lasamba, ndipo ana awerenga pa kuwala monga kale.

MALIRE A KUSUNGA

Pali kusunga kwina kumene kumaononga. Kuzimitsa firiji usiku uli wonse kumaoletsa ndiwo, ndipo m'mawa makina ace amagwira nchito nthawi yaitali kubwezera kuzizira kumene kwatayika. Cimene cithandiza ndi kuona mphira ya pa citseko cace: tsekerani kapepala pa citseko, ndipo ngati kasololoka mosabvuta, mphirayo yatha ndipo firiji irikudya mayuniti pacabe. Musaikemo cakudya cotentha, ndipo isagundane ndi cipupa kapena kukhala pafupi ndi sitovu.

Ena pothawa hita amalowetsa mbaula m'cipinda cogona ndi kutseka mazenera. Mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo wapha mabanja ali m'tulo. Yuniti iribe mtengo wolingana ndi moyo. Enanso amamvera anyamata amene amalonjeza kulambalalitsa nthambo kuti mita isawerenge. Umenewo ndi mlandu pa lamulo, nthambo zomangidwa mobisa zimayambitsa moto, ndipo mamita ambiri akatsegulidwa amadzitseka okha kufikira a kampani atabwera. Mita ikazima mayuniti alimo, kawiri-kawiri ndi cifukwa cakuti mwayatsa ziwiya zotentha zambiri nthawi imodzi. Zimitsani zina ndi kudikira pang'ono. Ndipo inu amene mita yanu iri pa mtengo panja, m'nyumba muli kabokosi ka mabatani kokha, sungani mabatire abwino, pakuti mayuniti akatheratu kabokosiko kamadalira mabatire kuti mulowetse tokeni.

Pomaliza tikumbukire kumene yuniti icokera. Magetsi ambiri a dziko lino ndi madzi a Zambezi ndi Kafue ogwa pa makina. Mvula itabvuta mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, madzi a m'Kariba anatsika, ndipo mu 2024 nyumba zambiri zinakhala mumdima maora oposa 20 pa tsiku, ngakhale zinali ndi mayuniti mu mita. Tokeni imatsegula cipata, koma siigwetsa mvula.

Makolo athu a masiku a kalaliki anali kudziwa zimene adya mwezi utatha. Ife nambala iri pa cipupa, ndipo tingaiwerenge nthawi iri yonse. Usiku uno musanagone lembani nambala imene mita ionetsa, mawa pa nthawi yomweyo mulembenso, ndipo kusiyana kwace ndiko cakudya ca nyumba yanu pa tsiku. Sinthani cinthu cimodzi cotentha, muyesenso, ndi kuona ngati nambala yatsika. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo.